Musanatsegule sivi, yambani mwapeta chilengezo cha ntchito

Chilengezo cha ntchito chimatuluka mu The Nation kapena mu The Daily Times, wina n'kuchijambula, pofika madzulo chazungulira magulu onse a pa WhatsApp. Pansi pa dzina la ntchitoyo pamakhala mndandanda wa zimene olemba ntchito akufuna, mzere pansi pa mzere, zilembo zake zofanana. Kufanana kwa zilemboku n'kumene kumasokoneza anthu, chifukwa mizereyo silemera mofanana. Ina ndi yoti mukaisowa, kalata yanu iikidwa pambali munthu asanawerenge n'komwe tsamba lachiwiri. Ina ndi zokhumba chabe, zoti bwana angakondwe atazipeza, koma ntchito ikhoza kuyenda popanda izo.

Anthu ambiri amangowerenga mizere imene akukwanitsa n'kuona ngati yachuluka. Wina akapeza kuti akusowa itatu amagwa ulesi, chonsecho itatuyo inali zokhumba. Wina akapeza kuti akusowa umodzi wokha amathamangira kukajambulitsa masatifiketi, n'kuwononga ndalama ya bando ndi ya minibasi, osadziwa kuti umodziwo ndi umene unali khomo lolowera.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba imachitika sivi ili chitsekere. Sivi, chikalata chija chofotokoza maphunziro anu ndi ntchito zimene mwagwirapo, ikakhala patsogolo panu maso amasiya kuwerenga zimene zalembedwa, amayamba kusaka zimene muli nazo. Wa digiri amaona ngati digiri ndiye mutu wa nkhani yonse. Wopanda laisensi amadziuza kuti laisensi ndi kanthu kakang'ono, akaipeza akayamba ntchito. Sikuti munthuyo akunama dala ayi, koma amene wakhala nthawi yaitali pa ulova amawerenga ndi mtima wofuna kuti zitheke.

Zimathandiza kudziwa mmene mndandanda wotere umabadwira. Amene adzayang'anire wantchitoyo amalemba zimene ntchito ikufunadi. A ku ofesi yolemba anthu ntchito amatenga chilengezo chakale n'kukopera mizere ina. Ngati ndalama ndi za madona, nawonso amakhala ndi mfundo zawo. Nthawi zina amene wangosiya ntchitoyo anali ndi luso lina limene anzake analizolowera, ndiye nalonso limalowa pamndandanda ngakhale ntchito sinalifune. Kenaka makalata amabwera mulu, komiti ya anthu ochepa n'kukhala pansi ndi pepala la mizati. Mizati yoyamba ndi ya inde kapena ayi: dipuloma ilipo? Laisensi ilipo? Amene wapeza ayi mmodzi pamenepa, ulendo wake wathera pompo. Mamakisi a zokhumba amaperekedwa kwa okhawo amene apulumuka. Cholinga chanu powerenga chilengezo n'chakuti mulote mizati yoyambayo musanatumize kanthu.

Tiyerekeze kuti bungwe lina lomwe si laboma likufuna mlangizi wa zaulimi wokakhala ku Euthini, m'boma la Mzimba, pa kontirakiti ya chaka chimodzi. Ntchito zake alemba kuti n'kuyendera magulu 30 a alimi a soya ndi mtedza, kukhazikitsa minda yachitsanzo, kulemba ziwerengero pa tabuleti, ndi kupereka lipoti mwezi ndi mwezi. Zimene akufuna kwa munthuyo ndi izi:

1. Dipuloma ya zaulimi kapena ya maphunziro ofanana nawo, yochokera kusukulu yovomerezeka. Digiri ingawonjezere mwayi.
2. MSCE yokhala ndi kirediti pa Chingerezi ndi Masamu.
3. Zaka zosachepera 2 akugwira ntchito ndi alimi kumudzi.
4. Laisensi ya njinga yamoto yomwe sinathe ntchito.
5. Kudziwa Word ndi Excel. Kudziwa KoboCollect kungawonjezere mwayi.
6. Amene anagwirapo ntchito m'mabungwe omwe si aboma angaganiziridwe koyamba.
7. Kudziwa za banki mkhonde.
8. Kulankhula Chitumbuka kungathandize.
9. Wolimbikira, wogwirizana ndi anzake, wosadikira kuuzidwa zochita.

Tengani pepala loyera, muligawe pawiri kuchokera pamwamba mpaka pansi. Musanaike kanthu mbali iliyonse, phwanyani mizere imene yanyamula zinthu zingapo. Mzere woyamba uli ndi zinthu zitatu: dipuloma, sukulu yovomerezeka, ndi digiri. Wachiwiri uli ndi ziwiri, wachisanu ziwirinso. Mizere 9 ija yasanduka zinthu 13, ndipo pamzere umodzi pakhoza kukhala chokakamiza ndi chokhumba zitakhalirana limodzi, monga zilili pa mzere woyamba ndi wachisanu. Amene amaweruza mzere wonse pakamodzi amataya dipuloma yake chifukwa choti waona mawu oti digiri.

Poti zilengezo zambiri kuno zimalembedwa m'Chingerezi, pali timawu tochepa toyenera kutidulira mzere kunsi. Mukaona must, required, essential, minimum kapena at least, ikani chinthucho kumanzere, mbali ya zokakamiza. Mukaona added advantage, desirable, preferably kapena ideally, chipite kumanja. Samalaninso ndi and ndi or. Koyambako kakutanthauza kuti zonse ziwiri zikufunika, pomwe kachiwiriko kakutsegula khomo lina. Pamzere woyamba uja, mawu oti "kapena ya maphunziro ofanana nawo" akulola wa dipuloma ya ulimi wa mbewu zamasamba kapena wa ulimi wothirira kuti ayese. Nanga wa dipuloma ya chitukuko cha m'madera? Yankho lili pa ntchito zimene alemba. Munthu wokakhazikitsa munda wachitsanzo wa soya ayenera kudziwa katalikiridwe ka mizere, kathiridwe ka inokyulanti ndi nthawi yokolola nyemba zisanayambe kuthetheka m'munda. Ngati dipuloma yanu inalibe phunziro la mbewu, mawu ajawa sakukunenani inu.

Sukulu yovomerezeka nayo si nkhani yongodzazira pepala. Bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndi limene limavomereza sukulu zaukachenjede ndi maphunziro ake, ndipo limaunikanso mapepala amene munthu wabwera nawo kuchokera kunja. Wa dipuloma ya ku NRC, yomwe ili pansi pa LUANAR, sangadandaule pamenepa. Amene anaphunzira pakoleji yaing'ono ya m'tauni kapena kunja kwa dziko, afufuze kaye.

Koma timawu tija tokha sitikwanira, chifukwa olemba zilengezo si onse amene amasamala mawu. Onani mzere wachisanu ndi chiwiri, wa banki mkhonde: palibe mawu osonyeza ngati n'chokakamiza kapena ayi. Apa bwererani kumtunda, pa ndime ya ntchito zimene munthuyo azikagwira, ndime imene ambiri amaidumpha pothamangira kumaphunziro. Pa ntchito zinayi zija palibe pamene atchula magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama. Ndiye kuti mzerewu mwina wangotsalira kuchokera ku pulojekiti ina, ndipo malo ake ndi kumanja. Akanalemba kuti mlangizi azikhazikitsa magulu a banki mkhonde ndi kuwathandiza pogawana ndalama kumapeto kwa chaka, mzere womwewu ukanapita kumanzere.

Chinthu chilichonse chokayikitsa chifunseni motere: munthu wopanda ichi, akafika ku Euthini Lolemba loyamba, angayambe ntchito? Ngati sangayambe, chingamutengere nthawi yaitali bwanji kuti achipeze? KoboCollect ndi pulogalamu ya pafoni kapena patabuleti yolembapo mayankho a mafunso, ndipo munthu wozolowera foni yamakono amaigwira m'masiku ochepa. Bungwe likhoza kumuphunzitsa sabata yoyamba, choncho ikhale kumanja komwe aiika. Dipuloma imatenga zaka. Laisensi imafuna kuphunzira, kuyesedwa ndi kudikira khadi, ndipo bungwe la kontirakiti ya chaka chimodzi silingakhazike njinga pakhonde kudikira munthu, mvula ili pafupi kugwa.

Funso lomweli likafika pa Chitumbuka, zinthu zimatembenuka. Alemba kuti kungathandize, mawu ofewa ndithu. Koma taganizirani mlangizi ali pansi pa mtengo ndi alimi makumi awiri, ambiri mwa iwo amayi achikulire, akufotokoza chifukwa chake mtedza suyenera kunyowetsedwa pousenda kuti usachite chuku. Chichewa ambiri amachimva, inde, koma mafunso awo enieni ndi madandaulo awo adzatuluka m'Chitumbuka, ndipo bungwe silimulembera womasulira. Chilankhulo sichiphunzirika m'milungu iwiri. Ine mzere umenewu ndingauike kumanzere ndi pensulo. Sungakugwetseni pa mizati ya inde kapena ayi, koma mukadzatsala awiri ofanana pa intavyu, ndi umene udzasankhe munthu. Zokhumba zina zimakhala zokakamiza zobisala chonchi, ndipo zimadziwika poyang'ana malo a ntchito ndi anthu amene muzikakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Laisensi ndi yosakambirana. Kudziwa kuyendetsa njinga yamoto si laisensi, ngakhale mutayendetsa kabaza zaka zisanu osagwapo. Laisensi ya galimoto nayo siilowa m'malo mwa ya njinga, chifukwa ndi magulu osiyana pakhadi. Chimene bungwe limaumirira si mwano. Njingayo ndi yawo, ndipo ikachita ngozi ili m'manja mwa munthu wopanda laisensi yoyenera, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira. Chilichonse chimene kumbuyo kwake kuli lamulo chimalimba chomwechi. Namwino amene sanalembetse ku bungwe la anamwino ndi azamba saloledwa kugwira ntchito ya unamwino, ndipo chipatala sichingamukomere mtima ngakhale chitafuna.

Pa MSCE, kumbukirani kuti kirediti ndi giredi 3 mpaka 6, ndipo 1 ndi 2 ndi zoposa pamenepo. Giredi 7 kapena 8 ndi kukhoza wamba. Amene ali ndi 7 pa Masamu sanakwanitse mzere wachiwiri. Bungwe laling'ono nthawi zina limatha kunyalanyaza zimenezi likaona dipuloma yabwino, koma pa ntchito zaboma, kumene ofunsira amachuluka ndipo ndondomeko ndi yolembedwa, musadalire chifundo chotere.

Mzere wachisanu ndi chinayi usakutayitseni nthawi. Palibe amene analembapo m'kalata kuti ndi waulesi, ndipo komiti ilibe njira yoyezera kulimbikira papepala. Mzerewo ukungokuuzani mafunso amene adzabwere pa intavyu ndi zimene adzafunse mabwana anu akale. Ulembeni pansi pa pepala, kunja kwa mbali zonse ziwiri.

Chatsala ndi zaka 2 zija, ndipo apa m'pamene pamafunika nzeru. Mzerewu uli ndi mbali ziwiri: kuchuluka kwa nthawi, ndi mtundu wa ntchito. Anthu amayang'ana kwambiri nambala, koma cholimba ndi mtundu wa ntchito. Nambalayo ndi njira yachidule imene bwana akunenera kuti akufuna munthu amene waonapo nyengo za ulimi ziwiri, kuyambira kusosa mpaka kugulitsa, amene anakumanapo ndi gulu la alimi litagawikana chifukwa cha mbewu yangongole. Zaka zitatu mu ofesi ya bungwe la zaulimi ku Lilongwe sizikwaniritsa zimenezi. Onaninso ngati alemba kuti zakazo ziwerengedwe kuchokera pamene munamaliza maphunziro, chifukwa akatero, miyezi ya atachimenti ya muli pasukulu siilowa.

Tsopano pepala lanu lili ndi zokakamiza kumanzere: dipuloma yoyenera, sukulu yovomerezeka, makirediti awiri, ntchito ya kumudzi ya zaka 2, laisensi, Word ndi Excel poti lipoti la mwezi ndi mwezi lizilembedwa pakompyuta, ndi Chitumbuka cha pensulo chija. Kumanja kuli digiri, KoboCollect, kugwirapo ntchito m'mabungwe, ndi banki mkhonde. Apa m'pamene sivi itsegulidwe, ndipo poyerekeza yambani kumanzere. Pa chinthu chilichonse musafunse kuti "kodi ndimachidziwa?" koma kuti "kodi munthu wosandidziwa angachione pati?" Chimene chilibe pepala, deti kapena dzina la malo, kwa komiti ndiye kuti palibe.

Tiyese ndi anthu awiri ongoyerekeza. Woyamba ndi mnyamata wa digiri ya zaulimi ya ku Bunda. Makirediti ali nawo, Excel amaidziwa bwino, KoboCollect anaigwiritsapo ntchito, ndipo wakhala zaka zitatu pabungwe lina ku Lilongwe akusanja ziwerengero, kuphatikizapo za magulu a banki mkhonde. Ali ndi laisensi ya galimoto. Chitumbuka sadziwa. Pa zinthu 12 zoyezeka papepala, iye ali ndi 9, ndipo mbali yakumanja wadzaza yonse. Wachiwiri ndi mtsikana wa ku Rumphi wa dipuloma ya ku NRC. Chingerezi anapeza 4, Masamu 5, laisensi ya njinga yamoto ali nayo, Word ndi Excel anaphunzira. Anagwira miyezi 8 ngati wophunzira ntchito pa ofesi ya zaulimi ya m'dera atamaliza sukulu, kenaka miyezi 14 pakampani yogula mbewu akuyendera alimi a kontirakiti. Kumanja alibe chilichonse. Iye ali ndi 7 zokha, chachisanu ndi chitatu chikuperewera pang'ono.

Kungowerengetsa manambala, mnyamatayo ali patsogolo. Koma zitatu zimene akusowazo zonse zili kumanzere, ndipo ziwiri mwa izo, laisensi ndi ntchito ya kumudzi, zili pa mizati ya inde kapena ayi. Kalata yake sidzafika pamene amaperekera mamakisi a KoboCollect. Pepala lakeli lamuthandizabe, chifukwa lamuonetsa kuti ntchito yomuyenera ndi ya kusanja ndi kulondoloza ziwerengero za pulojekiti, ndipo ngati mtima wake uli pa ulangizi, chotchipa kuyamba nacho ndi laisensi.

Mtsikanayo afunsire. Miyezi yake ikukwana 22 pa 24 imene akufuna, yonse ya kumunda ndi alimi, ndipo ngati akadali pantchito, pofika tsiku loyamba kontirakiti yatsopanoyo ikhoza kukhala itakwana. Asalembe kuti zaka ziwiri. Alembe mwezi ndi chaka chimene anayamba ndi kumaliza pamalo aliwonse, komiti iwerengetse yokha, chifukwa akadzaimbira foni bwana wake wakale n'kupeza kuti madeti sakugwirizana, nkhani idzakhala ya bodza osati ya miyezi iwiri. Akanakhala ndi miyezi 6 yokha ndikanamuuza kuti asunge ndalama yake. Malire enieni palibe amene angawalembe, koma kuperewera pang'ono pa nambala, mtundu wa ntchito uli wolondola, n'kosiyana kwambiri ndi kusoweratu chinthucho. Ndipo kupereweraku kukhale pa chinthu chimodzi, osati pano pang'ono, apo pang'ono, mpaka mbali yonse yakumanzere ili ndi zigamba.

Pamene mwakayika ndithu ndipo chilengezo chapereka nambala kapena imelo ya ofesi, kufunsa si mlandu, bola funso likhale lolunjika. "Pepani bwana, ndimafuna ndidziwe ngati dipuloma ya ulimi wothirira mukuilandira pa ntchito ya ku Euthini ija" ndi funso loti munthu angayankhe ali chiimirire. "Kodi ineyo ndingakwanitse?" palibe amene angakuyankheni.

Pali mizere ina imene siyenera kupezeka m'chilengezo n'komwe. Lamulo la zantchito la mu 2000, pa gawo 5, limaletsa kusala munthu polemba ntchito chifukwa cha zinthu monga mtundu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ulumali, kapena kukhala pabanja. Kufuna munthu wolankhula Chitumbuka chifukwa alimi ake amalankhula Chitumbuka ndi nkhani ya ntchito, ndipo Mchewa wa ku Dedza amene anakulira ku Mzuzu akukwanira bwinobwino. Kufuna Mtumbuka ndi nkhani ina. Mawu oti amayi akulimbikitsidwa kufunsira nawonso satseka khomo kwa abambo. Koma mukaona mzere woti mutumize ndalama pafoni kuti kalata yanu iunikidwe, musavutike kuganiza mbali yoti muuike. Ameneyo ndi wakuba.

Zokakamiza zomaliza zimakhala kunsi kwenikweni, m'zilembo zing'onozing'ono zimene anthu amaziwerenga tsiku lotseka litafika. Ngati akuti makope a masatifiketi akhale otsimikizidwa, kope lopanda chidindo cha loya kapena majisitireti silikwanira. Ngati akuti anthu atatu okuchitirani umboni, awiri sakwana, ndipo malume anu sawerengedwa. Ngati akuti dzina la ntchito lilembedwe pa envulopu kapena pamutu wa imelo, dziwani kuti pali kalaliki amene akusanja makalata a ntchito zingapo nthawi imodzi, ndipo yopanda dzina sadziwa mulu woti aiike. Zonsezi zilembeni kumanzere pamodzi ndi dipuloma, chifukwa zimagwetsa munthu mofanana.

Pepala logawa pawiri lija limathandizanso pokonza sivi yeniyeniyo. Mtsikana wa ku Rumphi uja asinthe tsamba loyamba kuti zakumanzere zonse zioneke munthu asanatembenuze: dipuloma ndi chaka chake, magiredi a Chingerezi ndi Masamu, malo awiri amene anagwira ntchito ndi madeti ake, chiwerengero cha magulu a alimi amene ankayendera ndi mbewu zimene ankalima. Laisensi isabisale kumapeto pansi pa zokonda zake. Ikhale pamwamba, gulu lake ndi tsiku limene idzathe ntchito zitalembedwa, kope lake litamatidwa kumbuyo. Chitumbuka achitchule ngakhale akuona ngati n'chodziwikiratu kwa munthu wa ku Rumphi, chifukwa wodzaza mizati uja salota, amachonga zimene waona. Za KoboCollect asanamizire. Ngati pakampani paja ankalemba mayina a alimi ndi makilogalamu a mbewu pa pulogalamu ina ya pafoni, atchule dzina la pulogalamuyo ndi zimene ankalembapo.